Kukopera mndandanda wa zogula wa azakhali: tichongi titi tikusonyeza kuti chinthu chagulidwa?

Nabanda: Ndikupempha nzeru kwa amene anazolowera kukopera zolemba pamanja. Azakhali anga, amene akuyendetsa za kukhitchini pa chinkhoswe cha mng'ono wanga, analemba mndandanda wa zogula pa tsamba la kope ndipo anandisiyira popita ku maliro kumudzi ku Ntcheu, kumene netiweki imavuta kwambiri. Komiti ikukumana Loweruka, ndipo msungichuma pamodzi ndi achimwene athu a ku Joni, amene anatumiza ndalama zambiri, akufuna mndandanda wotayipa wosonyeza zimene zagulidwa ndi zimene zatsala. Ndayesetsa kuonetsa tsambalo monga momwe lilili:

```
   1. Shg 1 bl        ✓
   2. Mp 50           ✓
   3.  "  K 10        ✓
   4. Mft 20          ✓
   5. Mch 2           ✓
   6. Nkh 15 12       ✓
✓  7. Mz 3 t  NaJ     ✓
   8. Tmt 1 nd
   9. Any ½ nd
  10. Kab 30          x
✓ 11. Mkl 2 th  aM
  12. Nkh 6 mt
  13. Mch 1 bd        ✓
```

Pa mzere wa 6, nambala ya 15 anaikhwatcha n'kulemba 12 pambali pake. Pa mzere wa 8, nambalayo ili ndi kamutu kopendekera moti mwamuna wanga akuti ndi 7 pomwe ine ndikuona 1. Kodi ndingolemba kuti chilichonse chimene chachongedwa chagulidwa?

Che Jafali: Mayi, ngati mukufuna mitengo, zinthu zasintha kwambiri, ndipo mtengo umene ndingakuuzeni lero wa belo ya shuga kuno ku Mangochi sungafanane ndi wa kwanuko. Ndi bwino mutume mwana akafunse ku holoselo.

Nabanda: Zikomo Che Jafali, koma mitengo si vuto langa pakadali pano. Vuto ndi kuwerenga zimene azakhali analemba ndi kuzilemba moti wina amene sanaone pepalali azimve molondola.

Bambo Mbewe: Ine ndili ndi golosale ndipo mindandanda yotere ndimalemba sabata iliyonse popita kukapikula katundu, choncho zambiri ndaziwerenga mosavuta. Woyamba ndi shuga belo imodzi, ndipo belo imakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Wachiwiri ndi mpunga thumba la makilogalamu 50, wachinayi ndi mafuta ophikira a malita 20, wa 7 ndi mazira mathireyi atatu, amene ndi mazira 90 popeza thireyi imatenga 30. Pa mzere wachitatu anaonjezera mpunga wa K10,000. Langizo langa ndi lakuti musinthe zonse zikhale m'makilogalamu kuti a ku Joni asavutike: ndowa ya tomato mulembe makilogalamu 20, theka la ndowa ya anyezi mulembe makilogalamu 10. Zochongedwa zonse zagulidwa, palibe chovuta pamenepo.

Mayi Chirwa: Mwana wanga Nabanda, ndinagwira ntchito yotayipa zolemba za anthu ena mu ofesi kufikira nditapuma, ndipo ndikupempha kuti usanalembe tanthauzo la chilichonse uyambe wayankha funso limodzi. Kodi pa tsambalo pagwiritsidwa cholembera chimodzi kapena ziwiri? Ndikuona kuti tichongi tina tili kumanzere kwa nambala ya mzere pomwe tina tili kumanja, ndipo munthu mmodzi sachonga mbali ziwiri popanda chifukwa. Uyang'ane mtundu wa inki, komanso uone ngati tichongi ta kumanja tili tokhotakhota ngati ta munthu amene ankalemba ataimirira, pepala ali nalo m'manja.

Nabanda: Mwandidabwitsa, Mayi. Mndandanda wonse ndi wa inki ya buluu, pamodzi ndi tichongi tiwiri ta kumanzere ndi zilembo za NaJ ndi aM. Tichongi tonse ta kumanja, kamtanda ka pa mzere wa 10, kukhwatcha kwa 15 ndi nambala ya 12 ndi za inki yakuda, ndipo n'zokhota monga mwanenera.

Mayi Chirwa: Ndiye kuti tsambali linalembedwa maulendo awiri, ndipo tichongi take tikunena zinthu ziwiri zosiyana. Za buluu zinalembedwa kunyumba atakhala pansi, msika asanapiteko, choncho kachongi ka buluu sikangatanthauze kuti chinthucho chagulidwa, pakuti nthawi imeneyo kunalibe chimene chinali chitagulidwa. Popeza tichongi tiwirito tili pa mizere yokhayo imene ili ndi zilembo za maina a anthu, ndikuganiza kuti tikusonyeza zinthu zimene wina analonjeza kubweretsa. Za inki yakuda zinalembedwa pamsika kapena m'sitolo. Ukadatsata malangizo a Bambo Mbewe n'kulemba kuti makala matumba awiri agulidwa, komiti ikanakhala phee, ndipo tsiku la chinkhoswe mukanapeza kuti makalawo akadali m'lonjezo la munthu.

Kachitidwe kamene ndikukulangiza ndi aka. Pa chinthu chilichonse ulembe zigawo zitatu zosasakanikirana. Choyamba ndi zimene zili papepala, chilembo ndi chilembo, osakonza ngakhale pamene ukuona kuti azakhali anafupikitsa modabwitsa. Chachiwiri ndi tanthauzo limene iwe wapeza, m'mawu athunthu. Chachitatu ndi chizindikiro chimene chili pamzerewo, chofotokozedwa m'mawu, monga kachongi kakuda kumanja kapena kachongi ka buluu kumanzere. Ubwino wake ndi wakuti ukalakwitsa tanthauzo, wowerenga amene amawadziwa azakhali kuposa iwe adzaona chigawo choyamba n'kukukonza, pomwe ukangolemba tanthauzo lokha, cholakwa chako chimaoneka ngati mawu a azakhali. Pamene ukukayika uike chizindikiro cha funso, ndipo manambala a mizere uwasunge monga alili kuti pofunsa pa foni uzingoti mzere wa 6, iwo n'kukumbukira.

Bambo Mbewe: Pa za inki ndavomera, sindinaganize zofunsa. Koma pa za makilogalamu ndikuumirirabe, chifukwa munthu amene wakhala ku Joni zaka zambiri akaona mawu akuti ndowa sadziwa kuti ndi zochuluka bwanji.

Nangozo: Bambo Mbewe, ine ndimaphika pa maukwati ndi pa zinkhoswe, ndipo pamenepo sindikugwirizana nanu. Ndowa imene timayezera pamsika ndi ya malita 20, ndipo imayeza kukula kwa malo, osati kulemera. Tomato amasiya mipata pakati pake, ndipo wogulitsa wina amadzaza mpaka kusongoka pomwe wina amalekeza m'milomo, choncho ndowa ziwiri za tomato sizilemera mofanana, ndiponso sizilemera ngati ndowa ya chimanga. Ngakhale mafuta a malita 20 aja, mukawaika pa sikelo amalemera pafupifupi makilogalamu 18, osati 20. Komanso amene adzapite kukagula tomatoyo adzakanenerera mtengo wa ndowa, pakuti ndi mmene amagulitsira. Mukamupatsa pepala la makilogalamu adzayenera kulisinthanso m'mutu mwake kubwerera ku ndowa. Achimwene a ku Joni anakulira konkuno ndipo ndowa amaidziwa.

Mayi Chirwa: Nangozo wanena zoona, ndipo ndingoonjezera kuti pali kusiyana pakati pa kutambasula muyeso ndi kuusintha. Kulemba kuti belo imodzi ndi mapaketi 20, kapena kuti mathireyi atatu ndi mazira 90, n'kololeka mu chigawo cha tanthauzo chifukwa miyeso imeneyo ndi yokhazikika ndipo aliyense angathe kuiwerenga. Ndowa, mtolo ndi thumba la makala sizokhazikika, choncho zikhale monga azakhali analembera. Pamene sanalembe muyeso, monga pa Mp 50, Mft 20 ndi Mch 2, muyeso umene ukuikapo ndi wako, ndipo uyenera kunena kumene wautenga. Kodi malisiti alipo?

Nabanda: Ilipo lisiti imodzi ya ku holoselo, imene anaipinda m'kope momwemo. Ikusonyeza belo ya shuga, thumba la mpunga la makilogalamu 50, mafuta a malita 20, mchere mapaketi awiri a kilogalamu imodzi, ndi machesi. Mpunga wa pa mzere wachitatu, nkhuku ndi mazira palibe pa lisitiyo.

Mphatso: Ndiye kuti lisiti yathetsa nkhani ya Mch, amene walembedwa kawiri. Wa pa mzere wa 5 ndi mchere, ndipo wa pa mzere wa 13 ndi machesi bandulo imodzi. Koma ine ndikudabwa ndi Nkh, amenenso ali kawiri. Anti, mwadziwa bwanji kuti wa pa mzere wa 6 ndi nkhuku?

Nabanda: Nkhukuzo zili m'khola kuseri kwa nyumba ya azakhali, ndipo mwana wawo waziwerenga kuti ndi 12. Wa pa mzere wa 12 ndikuganiza kuti ndi nkhuni chifukwa cha mt, amene ndikumuwerenga kuti mitolo.

Nangozo: Ndi nkhuni ndithu, ndipo malo ake pa mndandanda akuchitira umboni. Munthu wophika amalemba zinthu motsata mmene amaziganizira: amayamba ndi zouma za m'sitolo, kenako ndiwo, kenako za kudimba, n'kumaliza ndi za moto. Taonani kuti makala, nkhuni ndi machesi zatsatana kumapeto. Kaganizidwe komweko kakuthandizanso pa tomato. Palibe amene angagule ndowa 7 za tomato n'kuziphatikiza ndi theka la ndowa ya anyezi ndi nkhuku 12, chifukwa msuzi wake ungakhale wa mudzi wonse. Nambalayo ndi 1.

Mayi Chirwa: Ndikugwirizana ndi Nangozo, koma pali njira ina yotsimikizira imene sidalira kudziwa kuphika. Dzanja la munthu limadziyerekeza lokha. Pa tsamba lomwelo azakhali analemba 7 weniweni ponambala mzere wa mazira, ndipo analemba 1 malo ambiri, monga pa Shg 1 bl ndi pa Mch 1 bd. Uike nambala yokayikitsayo pafupi ndi zimenezo. Anthu ambiri amene 1 wawo ali ndi kamutu amadula 7 wawo ndi kamzere pakati, dala kuti ziwirizo zisiyane.

Nabanda: Ndaona. 7 wawo ndi wodula pakati, ndipo 1 wa pa shuga ali ndi kamutu komweko ngati wa pa tomato. Mwamuna wanga wagonja. Tsopano watsala mzere wachitatu, umene Bambo Mbewe akuti ndi K10,000.

Bambo Mbewe: Ndikunena choncho chifukwa makasitomala anga ambiri masiku ano salemba maziro. Akalemba K10 amatanthauza K10,000, popeza K10 yeniyeni palibe chimene ingagule. Mwina azakhali anaona kuti thumba limodzi silikwana, n'kuganiza zoonjezera mpunga wa ndalama imeneyo.

Mayi Chirwa: Zimene mukunenazo n'zotheka, Bambo Mbewe, ndipo kalembedwe kameneko ndimakaonadi. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti pa mizere yonse 13 palibe pena pamene azakhali analemba ndalama. Nambala iliyonse pa tsambali ndi kuchuluka kwa chinthu, ndipo zingakhale zachilendo kuti mzere umodzi wokha usinthe. Chachiwiri, malinga ndi mmene Nabanda wakoperera, pakati pa K ndi 10 pali mpata, pomwe wolemba ndalama amagundanitsa. Timizere tiwiri tija tikubwereza Mp wa pamwamba, choncho ine ndikuwerenga kuti mpunga, wa mtundu woyamba ndi K, makilogalamu 10.

Nangozo: Ameneyo ndi Kilombero. Pa zinkhoswe zambiri timaphika mpunga wamba wa khamu lonse, ndipo timapatula poto mmodzi wa Kilombero wa ankhoswe ndi akuluakulu a mbali ziwiri chifukwa cha fungo lake. Makilogalamu 10 ndi okwanira pa tebulo lotere. N'chifukwa chakenso sali pa lisiti, popeza ambiri timakagula wa pamsika woyeza pa sikelo.

Mayi Chirwa: Ndikukhulupirira kuti Nangozo walondola, komabe mu chigawo cha tanthauzo ulembe kuti mpunga wa Kilombero makilogalamu 10, n'kuika chizindikiro cha funso kufikira wina atakatsegula jumbo la mpungawo kapena azakhali atayankha. Timizere tobwereza tija usatikopere mu chigawo cha tanthauzo, koma ulembe mawu akuti mpunga athunthu, chifukwa wina akadzachotsa mzere umodzi kapena kusintha ndondomeko ya mizere, timizereto tidzayamba kubwereza chinthu china.

Che Jafali: Pepani poyamba paja sindinamve funso. Koma nanga bwanji osangojambula pepalalo ndi foni n'kutumiza chithunzi? Ine masiteni anga akandilembera zogula ndimangojambula kuti ndisataye, ndipo sindinasocherepo.

Mphatso: Inu simusochera chifukwa dzanja la masiteni anu mumalidziwa, Che Jafali. Chithunzi chitumizidwe ndithu, koma pamodzi ndi zotayipa, ndipo chijambulidwe masana pafupi ndi zenera kuti buluu ndi wakuda zisiyane, pakuti pa getsi la usiku inki ziwirizi zimaoneka ngati imodzi. Ndiwachenjezenso anti pa zinthu zitatu za potayipa. Kiyibodi ya foni imakonda kukonza mawu achidule, moti mukalemba Mch ikhoza kuika mawu a Chingerezi ofanana nawo, choncho muzimitse kukonza mawu kapena muwerengenso mzere uliwonse musanatumize. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, nambala yokhwatchidwa mungaionetse polemba `~15~ 12`, ndipo 15 adzaoneka ndi mzere pakati. Ngati msungichuma akufuna mu Excel, musalembe `1/2` mwachindunji chifukwa imasanduka tsiku la mwezi. Muyambe ndi kachizindikiro aka, `'1/2`, kapena mungolemba mawu akuti theka.

Nabanda: Zikomo Mphatso. Pa nkhuku ndimafuna kungolemba 12, popeza ndi zimene zili m'khola. Kodi pali chifukwa chosungira 15?

Mayi Chirwa: Chilipo, ndipo ndi chachikulu kwa msungichuma. Kukhwatchako ndi kwa inki yakuda, kutanthauza kuti kunachitika pamsika. Pali njira ziwiri zokumvera. Mwina azakhali anaona kuti 12 zikwana ndipo nkhani ya nkhuku yatha, kapena anapeza 12 zokha, kapenanso ndalama inawathera, ndipo zitatu zikufunikabe. Pepala palokha silikunena. Ukalemba 12 yekha wawasankhira njira yoyamba, ndipo palibe amene adzakumbukire zitatuzo. Ulembe kuti anakonza 15, pamsika anakhwatcha n'kulemba 12, zachongedwa ndi inki yakuda, ndipo ngati zitatu zikufunikabe afunsidwe.

Bambo Mbewe: Ine pa mndandanda wanga ndikapeza katundu wochepa sindichonga, ndimazunguliza nambala kuti ndikumbukire zotsala. Popeza iwo anachonga, ndikuona kuti anakhutira ndi 12.

Nangozo: Ameneyo ndi kalembedwe kanu, Bambo Mbewe, ndipo pa tsamba la azakhali palibe pozunguliza paliponse poti tingayerekeze. Ine ndimachonga chilichonse chimene ndatulutsira ndalama, chokwana kapena chosakwana. Za kamtanda ka pa kabichi, ndikuganiza kuti sanamupeze wabwino tsiku limenelo. Sikangatanthauze kuti adzagula mochedwa poopa kuwola, chifukwa tomato amawola msanga kuposa kabichi koma alibe kamtanda.

Nabanda: Nditumize chonchi, mundionere mizere itatu yovutayi ndisanamalize yonse:

```
6. Nkh ~15~ 12 | nkhuku: anakonza 15, analemba 12 | kachongi kakuda | zitatu zikufunikabe?
7. Mz 3 t NaJ | mazira mathireyi 3, a NaJere | ka buluu ndi kakuda | afika kapena agulidwa?
10. Kab 30 | kabichi mitu 30 | kamtanda kakuda | tanthauzo silikudziwika
```

Mayi Chirwa: Wachita bwino. Pa mzere wa 7 funso lako lili m'malo mwake, chifukwa kachongi kakuda pamenepo kangatanthauze kuti NaJere anabweretsa mazirawo, kapena kuti azakhali anawagula ndi ndalama za komiti ataona kuti lonjezo likuchedwa, ndipo njira yachiwiriyo ikukhudza kaundula wa msungichuma. Langizo langa lina ndi la aM wa pa makala. Ngati m'banja mwanu muli anthu oposa mmodzi amene angakhale aM, usalembe dzina la munthu pa mndandanda umene upite ku gulu la banja lonse, chifukwa ungamuike munthu pa ngongole imene sanalonjeze. Usiye zilembozo monga zilili.

Nabanda: Alipodi awiri, amalume ndi amayi aang'ono, ndipo onse amakhala kumene makala amapezeka. Madzulo ano azakhali anakwera pa chulu n'kundiimbira kwa mphindi zochepa, ndipo ndinafunsa motsata manambala a mizere. K ndi Kilombero makilogalamu 10. Kamtanda ka pa kabichi kakutanthauza kuti asagulidwe konse, chifukwa anakumana pamsika ndi msuweni wawo amene ali ndi dimba ndipo analonjeza kupereka mitu yonse 30. Mazira anabweretsa NaJere, ndipo ndalama za komiti sizinatulukepo. Nditafika pa nkhuku anayankha kuti zimenezo zidalira chiwerengero cha alendo a kuchimuna, foni n'kuduka tisanafike pa makala.

Nangozo: Ndiye kuti pa kabichi ndinaphonya, ndipo ndalama imene ndikanati isungidwe ipite ku tomato ndi nkhuni. Komabe kabichiyo muikeni m'gulu la zolonjezedwa pamodzi ndi makala, osati m'gulu la zimene zafika, ndipo papezeke munthu wokamutenga kudimbako Lachinayi la sabata ya chinkhoswe.

Bambo Mbewe: Pa Kilombero ndagonja. Pa nkhuku ndikuonabe kuti msungichuma asasunge ndalama ya zitatuzo, chifukwa akuchimuna sanena chiwerengero chenicheni mpaka tsiku lomwelo, ndipo ndalama yongokhala imatha ndi zina.

Mayi Chirwa: Zimenezo akagamule a komiti Loweruka, Bambo Mbewe. Nabanda, pa mzere wa 6 ulembe mawu a azakhali monga anakuyankhira ndi tsiku limene anayankha, ndipo mzere wa 11 ukhalebe ndi chizindikiro cha funso mpaka udzawapezenso pa foni.